Flexbox kapena Grid: ndani alamule malo pa tsamba?

Tsegulani tsamba la nyuzipepala iliyonse pa foni yanu. Dzina la nyuzipepala lili pamwamba, nkhani zandandalikana ina pansi pa inzake, ndipo inu mukungotsitsa ndi chala. Tsamba lomwelo mukalitsegula pa kompyuta ya sikirini yaikulu mupeza nkhani zija zayalana zitatuzitatu, kumanja kwabwera danga la zotsatsa malonda, menyu yatambalala m'mwamba monse. Sikuti eni ake anakonza masamba awiri ayi. Tsambalo ndi limodzi, koma limayenda ndi malangizo ouza bulauza, pulogalamu yotsegulira intaneti monga Chrome kapena Firefox, mmene iyalire zinthu malinga ndi malo amene yapeza.

Mawu, zithunzi ndi mabatani zimalembedwa mu HTML. Malangizo a kaonekedwe ndi kayalidwe kake amalembedwa mu CSS. Masiku ano CSS ili ndi zida ziwiri zazikulu zoyalira zinthu, Flexbox ndi Grid, ndipo pafupifupi aliyense amene wayamba kuphunzira ntchitoyi amafika pofunsa kuti chabwino ndi chiti. Ena amamva kuti Grid ndi yatsopano, ndiye amaganiza kuti inabwera kudzachotsa inzakeyo pa ntchito. Ena anazolowera Flexbox moti chilichonse amachikakamiza momwemo. Ine ndimaona kuti funso lothandiza ndi lina: pamalo pano, ndani ayenera kulamula kukula kwa zinthu? Kodi ndi katundu amene ndikuyala, kapena ndi malo amene ndawadula kale? Katundu akamalamula, ntchitoyo ndi ya Flexbox. Malo akamalamula, ndi ya Grid.

Kwa bulauza, chilichonse cha pa tsamba ndi bokosi. Ndime ndi bokosi, chithunzi ndi bokosi, ndipo mabokosi ang'onoang'ono amakhala m'kati mwa aakulu. Okonza masamba amatchula bokosi lakunja kuti kholo, ndipo a m'kati mwake ndi ana. Mukalemba `display: flex` kapena `display: grid` pa kholo, mwasankha lamulo limene ana ake atsatire pokhala. Lamulolo limagwira ana okha, silifika kwa zidzukulu.

Flexbox ili ngati benchi la kutchalitchi. Anthu amakhala mondondozana, wonenepa amatenga malo aakulu, mwana amatenga ochepa, akachuluka amapanikizana, ndipo benchi likadzaza otsalawo amapita pa lakumbuyo osasamala kuti ali kumbuyo kwa ndani. Grid ili ngati thireyi ya mazira: mapanga ake anaumbidwa kale dzira lisanafike, ndipo dzira lililonse limayang'anizana ndi linzake chopingasa ndi chotsika chomwe. N'chifukwa chake akatswiri amati Flexbox imayendetsa mbali imodzi pa nthawi imodzi, mzere kapena danga, pamene Grid imagwira mizere ndi madanga pamodzi.

Zida zimenezi sizinabwere tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1990 anthu ankayala masamba ndi matebulo, amene ntchito yake yeniyeni ndi kuonetsa manambala. Kenako anadalira `float`, lamulo limene linapangidwira kuti mawu azizungulira chithunzi ngati m'magazini, ndipo ankachita kulinyengerera kuti linyamule tsamba lonse. Bungwe la W3C, limene limasunga malamulo a CSS, linatulutsa chikalata choyamba cha Flexbox mu 2009, ndipo kalembedwe kamene tikugwiritsa ntchito lero kanakhazikika mu 2012. Grid inaonekera koyamba mu Internet Explorer 10 ya Microsoft, koma inali yosakhwima. Chaka chake chenicheni ndi 2017: m'mwezi wa Malichi wokha Firefox 52, Chrome 57 ndi Safari 10.1 zinatuluka zili ndi Grid. Zaka zisanu za pakatipo n'zimene zinazoloweretsa anthu ambiri kumanga tsamba lonse ndi Flexbox, poti panalibe china chabwino. Maphunziro ambiri akale a pa intaneti akuphunzitsabe zomwezo mpaka pano.

Makhadi asanu, malo a atatu

Kusiyana kwa ziwirizi kumaoneka bwino tikawerengera. Tiyerekeze kuti tikukonza tsamba la sitolo yogulitsa zipangizo za ulimi. Pali katundu musanu woti aonekere: mbewu ya chimanga, feteleza, makasu, mankhwala opopera ndi matumba osungira zokolola. Chilichonse chili ndi khadi lake, lokhala ndi chithunzi, dzina, kafotokozedwe kochepa ndi batani logulira. Malo amene tili nawo pa sikirini ndi mapikiselo 940 m'lifupi. Pikiselo ndiye muyezo wa pa sikirini, ndipo m'khodi imalembedwa `px`. Tikufuna kuti khadi lisachepere 280, ndipo pakati pa makhadi pakhale mpata wa 20.

Tiyambe ndi Flexbox.

```css
.katundu {
  display: flex;
  flex-wrap: wrap;
  gap: 20px;
}
.khadi {
  flex: 1 1 280px;
}
```

Mzere wa `flex-wrap: wrap` ukupereka chilolezo choti malo akatha, makhadi otsala atsikire pansi. Manambala atatu a `flex` akuuza khadi lililonse kuti: malo akatsala kula, akachepa finyika, ndipo poyambira pako ndi 280.

Tsopano bulauza iyamba kuwerengera. Makhadi atatu a 280 ndi 840, kuphatikiza mipata iwiri ya 20 zikwana 880. Zalowa mu 940. Lachinayi likanafuna 300 ina, ndiye silingalowe, latsikira pansi limodzi ndi lachisanu. Pa mzere woyamba patsala 60, ndipo bulauza iwagawira atatuwo mofanana, lililonse 20. Mbewu, feteleza ndi makasu zakhala 300 chilichonse. Mpaka apa zonse zili bwino.

Vuto lili pa mzere wachiwiri. Pamenepo pali makhadi awiri okha, 560 kuphatikiza mpata umodzi, zonse 580. Malo otsala ndi 360, ndipo poti tinawauza kuti malo akatsala akule, agawana 180 lililonse. Khadi la mankhwala ndi la matumba afufuma mpaka 460. Wogula akuona makhadi atatu aang'ono pamwamba ndi awiri akuluakulu pansi, m'mphepete mwake mosayang'anizana, zithunzi zapansi zazikulu kuposa zapamwamba ngati kuti matumba ndiwo katundu wofunika kwambiri m'sitolomo. Katundu akanakhala munayi, khadi lotsiriza likanatenga 940 yonse lokhalokha.

Apa Flexbox sinalakwitse kanthu. Yachita ndendende zimene inapangidwira. Mzere uliwonse imauwerengera paokha, ndipo mzere wachiwiri sudziwa n'komwe kuti woyamba unagawana bwanji malo. Palibe lamulo la Flexbox louza khadi lapansi kuti liyang'anizane ndi lapamwamba.

Anthu amayesa kuzemba vutoli m'njira zosiyanasiyana. Wina amaletsa makhadi kukula n'kuwapatsa 300 yokhazikika. Pa 940 zimaoneka bwino, koma sikirini ikakhala ya 1000 kumanja kumatsala chimpata cha 60 chopanda ntchito. Wina amawerengera yekha gawo limodzi mwa magawo atatu n'kuchotsera mipata ndi `calc()`, kenako n'kulembanso masamu ena a makhadi awiri, enanso a limodzi. Ndaonapo ngakhale masamba amene anaikamo makhadi opanda kanthu, osaoneka ndi maso, ongoti adzaze mzere wotsiriza. Zonsezi zimagwira ntchito mwa apo ndi apo, koma ndi chizindikiro. Mukadzipeza mukupatsa mwana aliyense wa Flexbox muyezo wokhwima kuti afanane ndi wa mzere wina, dziwani kuti mukumanga Grid pamanja.

Nayi ntchito yomweyo ndi Grid.

```css
.katundu {
  display: grid;
  grid-template-columns: repeat(auto-fill, minmax(280px, 1fr));
  gap: 20px;
}
```

Taonani kuti khadi silinauzidwe chilichonse. Malangizo onse ali pa kholo. Mzere wautaliwo ukuti: dula madanga ochuluka mmene angakwanire, lililonse lisachepere 280, ndipo malo otsala agawane mofanana. Kachidutswa ka `1fr` kakutanthauza gawo limodzi la malo otsala. Bulauza ipeza kuti mu 940 mukwana madanga atatu a 300, ndipo iwadula kuchokera pamwamba mpaka pansi isanayang'ane kuti katundu ndi mungati. Kenako makhadi alowa: atatu pamwamba, awiri pansi, onse 300, ndipo pakona yakumanja patsala malo a khadi limodzi opanda kanthu. Mwini sitolo akadzawonjezera nsapato za kumunda, khadi lachisanu ndi chimodzi lidzangolowa pamenepo popanda wina kusuntha.

Pali mawu awiri ofanana amene amasokoneza anthu, `auto-fill` ndi `auto-fit`. Ndi makhadi asanu aja zotsatira zake n'zimodzimodzi. Kusiyana kumabwera katundu akachepa moti danga lathunthu likhala lopanda kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atatsala makhadi awiri okha, `auto-fill` isunga danga lachitatulo ndipo makhadi akhalabe 300. Koma `auto-fit` ilifafaniza n'kugawira awiriwo malo ake, akhale 460. Pa sitolo imene katundu wake amatha n'kubweranso, ine ndimasankha `auto-fill`, kuti chithunzi cha feteleza chisamasinthe kukula chifukwa choti makasu atha.

Pa foni ya 360 m'lifupi mukwana danga limodzi lokha, ndipo makhadi angondandalikana chotsika popanda ife kulemba china. Koma pali kamsampha. Foni ikakhala yaing'ono, ya 320, ndipo tsamba lili ndi mpata wa 24 mbali zonse ziwiri, malo otsala ndi 272. Ife tinalamula kuti danga lisachepere 280, ndipo Grid imvera lamulolo: khadi lisefukira ndi mapikiselo 8. Mankhwala ake ndi kulemba `minmax(min(280px, 100%), 1fr)`, kutanthauza kuti pakati pa 280 ndi malo onse amene alipo, itenge chochepacho. Flexbox pamenepa sikanavuta, chifukwa tinailola kale kufinya makhadi.

Ndisanamizire kuti kufufuma kwa mzere wotsiriza kumakhala koipa nthawi zonse. Pa mabatani osankhira chigawo cha katundu, kapena pa mabokosi a fomu yolembetsera, nthawi zina mumafuna kuti mzere uliwonse udzaze mpaka kumapeto, pasatsale dzenje. Zimenezo Grid singakuchitireni mosavuta, ndipo khalidwe lomwe lija limene linaononga makhadi limakhala lofunika.

Pamene katundu ayenera kudzilamulira

Tikwere pamwamba pa tsamba la sitolo yathu, pa menyu. Pali mawu anayi: Mbewu, Zipangizo za kumunda, Za ife, Lumikizanani nafe. Ena ndi aafupi, ena ndi aatali. Mukawaika mu Grid ya madanga anayi ofanana, lililonse litenga 220. Mawu akuti Mbewu akhala okhaokha m'chimalo chachikulu, pamene Zipangizo za kumunda atsala pang'ono kudzaza danga lawo, ndipo diso liona mipata yosiyanasiyana pakati pa mawuwo ngakhale madanga ali ofanana. Tsiku limene mwini sitolo adzapemphe kuti muwonjezere Mitengo ya katundu, mawu achisanuwo adzagwera pansi okha, poti madanga munadula anayi.

```css
.menyu {
  display: flex;
  flex-wrap: wrap;
  gap: 24px;
}
.lowani {
  margin-left: auto;
}
```

Apa palibe muyezo wa m'lifupi ngakhale umodzi. Mawu aliwonse atenga malo olingana ndi kutalika kwawo, mpata pakati pawo ndi 24 paliponse, ndipo mukawonjezera ena anzawo angosendera. Pa foni, amene sanakwane atsikira pa mzere wachiwiri. Kamzere ka `margin-left: auto` n'kokoma kwambiri: kamauza batani lolowera kuti malo onse otsala akhale kumanzere kwake, ndiye limakankhidwira kumapeto kwenikweni kumanja, anzake n'kutsala kumanzere.

Wodziwa Grid anganene kuti nayonso ikhoza kupatsa danga lililonse kukula kolingana ndi mawu ake, ndipo n'zoona. Koma ikatero pa mzere umodzi siitha kupinda yokha malo akatha, ndipo mukaikakamiza kukhala ndi mizere iwiri, mawu apansi amamangidwa ku madanga a mawu apamwamba. Pa menyu palibe amene akufuna kuti Za ife ayang'anizane ndi Mbewu. Kuyang'anizana kumene kunatipulumutsa pa makhadi kwasanduka goli.

Nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife amene timakonza masamba a zinenero ziwiri. Batani limene pa Chingerezi lili ndi mawu amodzi aafupi, pa Chichewa nthawi zambiri limafuna mawu awiri kapena amodzi aatali. Mukalipatsa muyezo wokhwima poyang'ana Chingerezi chokha, tsiku lomasulira mawu adzasefukira kapena kuduka. Taganizani za bokosi lofufuzira katundu lokhala ndi batani pambali pake. Mukaika ziwirizi mu Flexbox, n'kupatsa bokosi lolembamo `flex: 1`, batani osalipatsa kanthu, batanilo litenga malo okwana mawu ake m'chinenero chilichonse ndipo bokosi lidya otsalawo. Simudzabwereranso kukakonza.

Mafupa a tsamba lonse

Nanga tsamba lathunthu, mutu wake, thunthu, danga la pambali ndi phazi? Apa ndilibe chikaiko, ndi pa Grid. Zigawo zimenezi mumazidziwa musanalembe chilichonse, ndipo mumafuna kuti mutu uyambire pamene thunthu layambira n'kuthera pamene danga la pambali lathera. Grid imakulolani kujambula mapu a tsambalo ndi mawu, ndipo mayina ake mumasankha nokha, ngakhale a Chichewa.

```css
.tsamba {
  display: grid;
  grid-template-columns: 1fr 280px;
  grid-template-areas:
    "mutu mutu"
    "thunthu mbali"
    "phazi phazi";
  gap: 20px;
}
```

Chigawo chilichonse mumachiuza dzina la malo ake, mwachitsanzo `grid-area: mutu`, ndipo chimapita pomwepo. Ngakhale munthu amene sanaphunzire CSS akhoza kuyang'ana mizere itatu ya m'katiyo n'kuona tsamba: mutu watenga madanga onse awiri, pansi pake thunthu kumanzere ndi mbali kumanja, phazi latenganso onse. Kuti muchite zomwezi ndi Flexbox muyenera kukulunga thunthu ndi mbali m'bokosi lina lowonjezera, limene lilibe tanthauzo lililonse kwa wowerenga, longothandiza kayalidwe. Pa tsamba la zigawo zambiri mabokosi oterewa amachulukana, ndipo wodzakonza pambuyo panu amavutika kudziwa kuti lililonse likugwira chiyani.

Tiwerengerenso. Pa 940 paja, mbali yatenga 280, mpata 20, thunthu latsala ndi 640. Makhadi athu ali m'thunthumo, m'Grid yawoyawo. Atatu sangakwanenso, ndiye adzikonza okha kukhala awiriawiri, lililonse 310. Sitinakhudze khodi ya makhadi ngakhale pang'ono. Pa foni timangolemba `grid-template-columns: 1fr` ndi mapu ena a danga limodzi m'kati mwa `@media (max-width: 700px)`, mutu, thunthu, mbali, phazi motsatizana.

M'kati mwa khadi lenilenilo Flexbox ibweranso. Grid imatalikitsa makhadi a mzere umodzi kuti afanane msinkhu, koma mawu ake safanana: kafotokozedwe ka feteleza ndi mizere inayi, ka makasu ndi umodzi. Batani logulira makasu limatsala m'mwamba, la feteleza lili pansi. Mukapatsa khadi `display: flex` ndi `flex-direction: column`, kenako batani n'kulipatsa `margin-top: auto`, mabatani onse atsikira pansi pa makhadi awo n'kukhala pa mzere umodzi. Ndi nzeru yomwe ija ya batani lolowera, yangotembenuzidwa kuti iyang'ane pansi. Choncho khadi limodzi lomwelo ndi mwana wa Grid kunja, komanso kholo la Flexbox m'kati, ndipo palibe kulimbana kulikonse. Masamba ambiri okonzedwa bwino amayenda chonchi.

Chimene njira imeneyi singathe ndi kufananitsa zapakati. Dzina la katundu wina likatenga mizere iwiri, kafotokozedwe ka khadi limenelo kamayambira m'munsi kuposa ka anzake, chifukwa khadi lililonse likudziwerengera lokha. Yankho lake ndi `subgrid`, imene imalola zidzukulu kutsatira mizere ya agogo awo. Firefox inali nayo kuyambira 2019, Safari mu 2022, ndipo Chrome inafika mochedwa mu 2023. Pa sitolo yaing'ono ngati yathuyi sindingaithamangire, koma pa tsamba loyerekezera mitengo, pamene diso limayenda chopingasa kuchokera khadi lina kupita lina, imathandiza zedi.

Tsamba likamagwedera cham'mbali

Pali vuto limodzi limene limagwira zida zonse ziwiri, ndipo ndi limene limadya nthawi ya ophunzira kuposa ena onse. Mumalizindikira mosavuta: pa foni tsamba limatsetsereka kumanja ndi kumanzere mukalikhudza, kapena pa kompyuta danga la pambali limatuluka kunja kwa malire.

Tinene kuti mwini sitolo waika m'thunthu tebulo la mitengo limene silingafinyike kuchepera 800. Inu mukuyembekezera kuti thunthu likhalabe 640, poti munalemba `1fr`. Koma `1fr` ili ndi lamulo lobisika: danga silichepera kanthu kosapindika kamene kali m'kati mwake. Ndiye thunthu likula mpaka 800, kuphatikiza 20 ndi 280 zikwana 1100, ndipo tsamba lasefukira ndi 160. Adiresi yaitali ya pa intaneti yopanda mpata pakati imachitanso chimodzimodzi pa foni, poti bulauza imaiona ngati liwu limodzi losaduka. Ana a Flexbox nawonso ali ndi lamulo lomweli, ngakhale mutawalola kufinyika.

Lamuloli linaikidwa ndi cholinga chabwino, kuti mawu asamaphwanyidwe mpaka kusawerengeka. Koma mukafuna kulichotsa, pa Grid mumalemba `minmax(0, 1fr)` m'malo mwa `1fr`, ndipo pa mwana wa Flexbox mumalemba `min-width: 0`. Mukatero danga limvera muyezo wanu, koma tebulo lija likadali 800, ndiye likulungeni m'bokosi lokhala ndi `overflow-x: auto` kuti lizitsetsereka lokha m'malo mogwedeza tsamba lonse. Adiresi yaitali imathyoka bwino ndi `overflow-wrap: anywhere`.

Musamalote chimene chalakwika. Pa kompyuta dinani F12 mu Chrome kapena Firefox, ndipo pambali pa bokosi lililonse la kholo muona kachizindikiro kolembedwa `grid` kapena `flex`. Mukakadina, bulauza ijambula mizere ya madanga pamwamba pa tsamba lenilenilo. Danga limene lafufuma limaonekeratu, ndipo kanthu kamene kalifufumitsa kamakhala kali pomwepo, katagunda m'mphepete.

Chenjezo lina ndi la anthu amene sitiwaona tikamakonza tsamba. Zida zonse ziwiri zimalola kusuntha chinthu pa sikirini osachisuntha mu HTML: Flexbox ndi `order` kapena `row-reverse`, Grid ndi mapu aja. Koma munthu wosaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera tsamba amamva zinthu m'ndondomeko ya mu HTML, ndipo woyenda ndi batani la Tab pa kiyibodi amatsatanso yomweyo. Mukakweza batani logulira pamwamba ndi CSS yokha, iye adzalipeza kumapeto, atadumphadumpha tsamba lonse mosadziwika bwino. Zimandipweteka ndikaona tsamba lokongola limene munthu wotere sangathe kugulapo kanthu, chifukwa kukonza kwake n'kosavuta. Lembani HTML m'ndondomeko imene munthu angawerengere mokweza n'kumveka, kenako ikani mbewa pambali, muyende tsamba lonse ndi Tab, muone ngati mukupita kumene diso likuyembekezera.

Chotsala ndi mafoni. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene owerenga awo amasintha foni pafupipafupi, pamene kwathu kuno foni imagwira ntchito mpaka itafa, ndipo ambiri amatsegula masamba ndi Opera Mini kuti bandulo ichedwe kutha. Opera Mini ikakhala pa njira yake yopulumutsa deta kwambiri, tsamba limayamba lakonzedwa pa makompyuta a kampaniyo ndi injini yakale yotchedwa Presto, imene imadziwa Flexbox koma Grid siidziwa. Palinso kampata ka `gap`: mu Grid kanayamba kale kugwira ntchito, koma mu Flexbox kanafika mu Chrome mu 2020 ndi mu Safari mu 2021, choncho pa bulauza yakale kuposa pamenepo mawu a menyu yathu adzagundana.

Zimenezi si chifukwa chothawira Grid. Bulauza ikapeza lamulo limene silidziwa imangolidumpha, ndipo mabokosi amabwerera ku chikhalidwe chawo chondandalikana lina pansi pa linzake. Pa foni, kumeneko n'kumene timafuna kale. Makhadi asanu aja adzaoneka limodzilimodzi chotsika, mutu pamwamba, phazi pansi, malinga ngati HTML munailemba m'ndondomeko yabwino ndipo zithunzi munazipatsa `max-width: 100%` kuti zisapitirire sikirini. Kumene kumafunika maso ndi pa menyu: ngati mukudziwa kuti ogula anu ambiri ali ndi mafoni akale, patsani mawu aliwonse `margin` yawoyawo m'malo modalira `gap`. Ndipo musanapereke tsamba kwa mwini sitolo, bwerekani foni yakale kwambiri imene mungaipeze pafupi, mulitsegule pamenepo, muyese kugula thumba limodzi la feteleza kuyambira pa menyu mpaka pa batani lotsiriza.